Ndime yomaliza isakhale chidzudzulo

M'chaka cha 1973, bungwe la maphunziro a anthu akuluakulu la ku Dar es Salaam, pamodzi ndi maunduna a boma, linayendetsa ntchito yophunzitsa zaumoyo yotchedwa Mtu ni Afya, kutanthauza kuti munthu ndi thanzi lake. Kwa milungu 12, magulu a m'midzi ankasonkhana kumvera wailesi ya Tanzania, kuwerenga kabuku ndi kukambirana za malungo, likodzo, kamwazi ndi matenda ena. Anthu pafupifupi 2 miliyoni anatenga nawo mbali.

Chofunika kwa wolemba nkhani zachitukuko ndi mmene phunziro linkathera. Gulu lililonse linkayenera kugwirizana chochita, ndipo linapemphedwa kusiya chinthu chooneka ndi maso m'mudzi mwawo. Ena anakumba zimbudzi, ena anasamala zitsime, ena analambula tchire. Wailesi inkafotokoza gwero la matenda, koma chigamulo chinali cha eni mudzi.

Ndime yomaliza ya nkhani ikhoza kutsata njira yomweyi. Mwachitsanzo, mlangizi wazaumoyo walemba za likodzo, namaliza motere: "Makolo muyenera kusiya mphwayi. Letsani ana kusamba m'madamu, mangani zimbudzi, pitani kuchipatala." Zonsezi n'zoona. Koma liwu lakuti mphwayi laweruza kale wowerenga, ntchito zaunjikana zitatu, ndipo tsiku palibe. Komanso mayi amene alibe mjigo pafupi akudziwa kuti mwana wake akasambabe kudamu mawa.

Mlangizi yemweyo akhoza kulemba kuti: "Pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo mwezi uno, mungathe kuwerenga malo amene ana amasambako. Ndi malo ati amene muli nkhono zambiri, ndipo ana angasambe kuti m'malo mwake? Mukagwirizana, mudziwitse mlangizi wa m'dera lanu." Apa ntchito ndi imodzi, nthawi yatchulidwa, ndalama sizikufunika, ndipo funsolo yankho lake lili ndi anthu a m'mudzimo, osati wolemba. Limakumbutsanso zimene nkhaniyo yaphunzitsa, kuti tizilombo ta likodzo timaswana mu nkhono za m'madzi.

Funso lotere liyenera kukhala lenileni. Lakuti "Kodi mukufuna ana anu adwale?" ndi chidzudzulo chovala malaya a funso, ndipo akuluakulu amachizindikira msanga. Wolemba asaitanirenso anthu ku chinthu chimene sanatsimikize: akalemba kuti mankhwala akupezeka kuchipatala, anthu n'kuyenda mtunda wautali osawapeza, nkhani yotsatira sadzaikhulupirira.

Nkhaniyo isanasindikizidwe, ndi bwino kuwerengera alimi angapo ndime yomalizayo mokweza. Akangoti "tamva" n'kukhala chete, ndiye kuti adzudzulidwa. Akafunsa kuti "liti?" kapena "ndani?", pali mawu amene akusowa. Koma akayamba kutsutsana za dziwe limene lili ndi nkhono zambiri, ndimeyo ipite kosindikiza mmene ilili.