Mugodi umodzi, maofesi atatu: nchito ikakamila pati?

Mvula ikayamba mu Novembala, nkhani ya mu minibasi imakhala imodzi: migodi ya pamseu. Dalaiva akhotela kumbali, kondakita atukwana, wina kumbuyo akuti, "A kanso aja ni tulo cabe." Mwina ni zoona. Koma pali migodi ina imene anaikonza kale kawili katatu, ndipo ikali kubwelela. Iyo ndiye ifunika kuiyang'anitsitsa, cifukwa pamenepo nchito siinagone, ingozungulila.

Tiyambe ndi eni mseu. Lamulo la miseu la 2002 linapatsa RDA udindo wa miseu ya boma, koma miseu yambili ya m'tauni ndi m'makomboni inaikidwa m'manja mwa makanso. Ndalama za msonkho wa mafuta ndi za pa matogeti zimapita ku NRFA. Pansi pa tala padutsa mapaipi a kampani ya madzi. Ndiye mugodi umodzi ungakhudze maofesi atatu kapena anai, ndipo iliyonse ingakubwezeni popanda kunama.

Tiyelekeze tele. Pa mseu wa m'komboni pali mugodi wa madzi. Anthu auza a kansela, a kansela apeleka ku dipatimenti ya mainjiniya ku kanso. Mainjiniya abwela, aona madzi, akuti sitingathile tala ponyowa, uzani a madzi. A madzi akuti paipi ili pansi pa mseu, ndipo kudula mseu kufuna cilolezo ca kanso komanso wina wobwezela tala. Pepala labwelela kumene linacokela. Pakati apa madandaulo aculuka, wina atumiza galimoto ya galavo, athila, ajambula cithunzi. M'buku alemba kuti nchito yatha. Pakapita masabata ocepa mugodi wabwela, ndipo dandaulo liyambanso ngati latsopano.

Apa palibe amene wakana nchito. A tala ayembekeza paipi, a paipi ayembekeza cilolezo, ndipo cilolezo cili mu nyumba imodzimodzi ndi a tala, kungoti pa desiki ina. Madzi nawo sayembekeza munthu: amafewetsa dothi la pansi pa tala, mawilo a basi namaliza.

Manje mungadziwe bwanji pamene pakakamila? Coyamba, yang'anani mugodi weniweniwo. Ngati muli madzi mu Ogasiti kapena Seputembala, mvula italeka kalekale, si nkhani ya tala. Madzi oyela ni paipi, onunkha ni suweji. Ngati adzala pokhapo mvula ikagwa, pitani mukaone mufolo, kambili mupeza wadzala mapulasitiki ndi mcenga. Kungoona izi kwakuuzani kale ofesi yoyenela kuyamba, ndipo nthawi zambili si ija imene tikuitukwana mu basi.

Caciwili ndiye cimene ambili sitimacita. Timasunga mkwiyo, sitisunga masiku. Tengani kabuku, nthawi iliyonse nkhani ikacoka pa munthu wina kupita kwa wina lembani tsiku, ofesi, ndi mau enieni amene anabwezela. Musafunse kuti "ni nchito ya ndani?" cifukwa yankho mulidziwa kale: ni ya anzathu. Funsani kuti, "Bwana, n'ciani cifunika kukhalapo kuti imwe muyambe mawa?" Funso ili limakakamiza munthu kuchula cinthu: cilolezo, siginecha, ndalama, paipi.

Mukalemba maulendo anai kapena asanu, welengani mzele wa zifukwa. Ngati maofesi awili angoponyelana ndi mau akuti "si wathu", vuto ni umwini, ndipo funso lakhala lakuti mseu uja unalembedwa m'gulu liti. Ngati cinthu cimodzi cichulidwa mobwelezabweleza, monga cilolezo cija, mwapeza mfundo ya cingwe. Ngati nkhani imatsekedwa kuti yatha koma ibwelanso, ndiye kuti "kutha" kwa ofesi ndi "kutha" kwa dalaiva n'kosiyana: wina awelenga galavo yothilidwa, wina awelenga mashoko a basi.

Ena adzati CDF ilipo, inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, bwanji osangokonza? Ndalama ithandiza pamene cosowa ni ndalama. Mu citsanzo cathu, ingangogula galavo yambili yothila pa paipi yodontha. Ine ndiona kuti Komiti ya Citukuko ya wadi ingacite bwino kupita ndi kabuku kaja kwa a kansela ndi pempho limodzi: injiniya wa kanso ndi wa madzi aimilile pa mugodi tsiku limodzi, agwilizane wodula, wokonza paipi ndi wobwezela tala, ndipo dandaulo lisatsekedwe mpaka pamalopo patauma.