Chenjezo: Musasayinire malipiro musanaone mtengo wa ola lanu

Inu nonse olandira malipiro apamwezi, m'magolosale, m'maesiteti, m'magalaja ndi m'maofesi, mwezi uno yang'anitsitsani kapepala ka malipiro anu. Ndalama zambiri zikuthera pa nambala imodzi imene sailemba n'komwe pakapepalapo, yomwe amagawira malipiro anu kuti apeze mtengo wa ola limodzi.

Lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata. Chulukitsani 48 ndi masabata 52 a pachaka, mugawe ndi miyezi 12, mupeza maola 208. N'chimodzimodzi masiku 26 a maola 8. Choncho wolandira K312,000 pamwezi ola lake ndi K1,500. Ngati mumagwira maola 40 okha pasabata, nambala yanu ndi 173.33, osati 208.

Chinyengo chili apa. Powerengera ovataimu, mabwana ena amagawa ndi 240, ngati kuti mumagwira masiku onse 30 osapumako. Ola lija limatsika kufika pa K1,300. Lamulo limati ovataimu ya tsiku lantchito ilipidwe mtengo wa ola ndi theka lake pamwamba, ndiye kuti K2,250 pa ola, ndipo maola 20 ayenera kukupatsani K45,000. Ndi nambala yawoyo mulandira K39,000 basi. K6,000 yapita, chonsecho papepala palembedwa bwinobwino kuti ovataimu yalipidwa.

Mukajomba tsiku limodzi popanda chilolezo, masamu amatembenuka. Yemwe uja anagawa ndi 240 tsopano agawa ndi 160 kuti ola likwere mtengo, ndipo maola 8 amene anayenera kudula K12,000 adula K15,600. Ola la munthu mmodzi lingakhale bwanji lotchipa pomulipira koma lodula pomulanda? Kumeneku n'kuba. Nambala yogawira ikhale imodzi, polipira ndi podula pomwe, mwezi wa masiku 28 kapena wa 31.

Kuzindikira sikuvuta. Tengani ndalama ya ovataimu, mugawe ndi maola amene munagwira, kenako mugawenso ndi 1.5. Tenganinso ndalama imene adula, mugawe ndi maola amene munajomba. Mayankho awiriwa akasiyana, pali vuto. Maola amene munagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma muwerengere padera, chifukwa amenewo mtengo wake ndi kawiri, K3,000 pa ola m'chitsanzo chathuchi.

Lembani m'kope tsiku lililonse nthawi yolowera ndi yowerukira, pakuti popanda umboni bwana adzangokana. Funsani akalaliki kuti akuonetseni nambala imene agawira. Akakana kukonza, tengani kope lanu ndi timapepala ta malipiro mupite ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.