Makamera a ku Duke ndi anthu 2,000 omwe sanafunsidwe

Mkangano wa makamera ojambula anthu umandigwetsa ulesi, chifukwa anthu amangokangamira pa funso limodzi: kodi wojambulidwa pagulu ali ndi chodandaula? Nkhani yagona pa zimene zimachitika kanemayo akaunikidwa, komwe zotsatira zake zimasungidwa, ndi amene angazitenge. Ine ndikuti wofufuza amene sangathe kuzitsekera asajambule n'komwe.

Mu 2014, akatswiri a pa yunivesite ya Duke ku America anatchera makamera 8 pabwalo la sukuluyo n'kujambula kwa mphindi pafupifupi 85. Anthu oposa 2,000, ambiri mwa iwo ophunzira, analowa m'kanemayo akungodziyendera. Kenako aliyense anamuzunguliza kabokosi pachithunzi n'kumupatsa nambala yakeyake, kuti kompyuta iphunzire kumuzindikira akachoka pa kamera ina n'kutulukira pa inzake. Mu 2016 zonsezi anaziika pa intaneti pansi pa dzina la DukeMTMC.

Oikira kumbuyo ntchito zotere amati mayina sanalembedwe, zikwangwani zochenjeza zinaikidwa, ndipo palibe amene angasainitse khamu lonselo. Mfundo yomalizayi ndi yoona. N'zoonanso kuti makina ophunzitsidwa ndi anthu ochepa ochita kukonzekera amasokonezeka akakumana ndi chigulu chenicheni.

Koma zinazo sizikumveka. Chikwangwani chimangouza munthu kuti pali kamera. Sichimuuza kuti thupi lake lidzagwiritsidwa ntchito kunja kwa dziko kwa zaka zambiri, ndipo wothamangira kalasi sangazembe njira yake. Za mayinazo n'zongodzitonthoza: nambala yotsata munthu pa makamera 8 imaulula komwe wachokera, komwe walowera ndi amene anali naye. Ngakhale kufufuta nkhope sikukwanira, poti makinawa amadalira kwambiri zovala, chikwama ndi thunthu la munthu. Womudziwa angamuloze mosavuta.

Chopweteka n'chakuti njira yabwino inalipo kale. Komiti yoteteza anthu pa kafukufuku inalola kujambula m'nyumba mokha, komanso kupereka kanemayo kwa ofufuza okhawo amene apempha. Zonse ziwiri zinaphwanyidwa, ndipo mu 2019 Pulofesa Carlo Tomasi, mmodzi mwa akatswiri aja, anavomereza poyera n'kupepesa. Apa n'kuti wofufuza Adam Harvey ataonetsa kuti kanemayo anafika mpaka ku makampani opanga makina ozonda anthu ndi masukulu a asilikali ku China. Yunivesite inachotsa zonse pa intaneti, koma amene anakopera kale anapitiriza kuzigwiritsa ntchito.

Kusunga bwino ndiye kumeneku: kanema akhale pamakina okhomedwa ndi chinsinsi, wofuna kuunika apemphe ndi kusaina, agwire ntchito pomwepo osatenga kope, ndipo tsiku lofufuta likhazikitsidwe asanayatse kamera. Mndandanda wa manambala ndi mabokosi aja utetezedwe chimodzimodzi, chifukwa ndiwo umasonyeza mayendedwe a munthu aliyense. Ena adzati izi zichedwetsa kafukufuku. Zichedwetsedi, koma ophunzira aja lero alibe woti n'kumupempha kuti awachotsemo.