Akati "ndatumiza molakwitsa, bwezani", yambani mwaona balansi

Abale anga, mwa njira zonse zimene akuba a pa foni amagwiritsa ntchito, imene imandiwawa kwambiri ndi iyi yoti "ndakutumizirani ndalama molakwitsa, chonde bwezani". Njira zina zimakola munthu wadyera, uja amauzidwa kuti wawina galimoto pa mpikisano umene sanalowe n'komwe. Koma iyi imakola munthu wabwino, woopa Mulungu, amene safuna kudya thukuta la mnzake. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, ndipo apa mwambiwu wagwa pake penipeni.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosapsatira: munthu asabweze yekha ndalama yotereyi ndi chala chake, ngakhale woimbayo alire chotani. Kukana kuthamanga si kuba. Ngati ndalamayo yalowadi, njira yoyenera yobwezera ilipo, ndipo imadzera ku kampani ya foni.

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Kwa ife a ku Mwanza zinthu zimenezi zinatipeputsa. Wa ku Thambani kapena ku Kunenekude safunikanso kukwera njinga mpaka pa boma kuti akalandire ndalama yochokera kwa mwana wake wa ku Blantyre. Ochita geni ya manachesi m'mbali mwa msewu wa M6, komanso oyenda malonda a pa chipata cha Zobue, amalandira ndalama kuchokera kwa anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku. Apa mpamene wakuba amapezera mpata, chifukwa kwa munthu wotere nambala yachilendo si chinthu chodabwitsa.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa manachesi. Mu akaunti yake ya pa foni muli K85,000, mpamba wa geni. Dzuwa lili paliwombo, makasitomala ali piringupiringu, foni ija n'kulira. Meseji ikuti walandira K60,000. Pasanathe mphindi ziwiri bambo wina akuimba, mawu akunjenjemera: "Mayi, pepani kwambiri, ndaphonya nambala imodzi. Ndalama imeneyo ndi ya mwana amene wagonekedwa m'chipatala. Chonde bwezani pompano, mutapepo K5,000 ya vuto lanu." Mayi uja agwidwa chifundo, atumiza K55,000. Madzulo powerengera za geni apeza kuti mwatsala K30,000, ndipo pamenepo achotsaponso yotumizira. K60,000 ija sinalowe n'komwe. Imene yapita ndi yake yomwe, ndipo K5,000 ya "zikomo" ija anamupatsa kuchokera m'thumba mwake momwe.

Tsono mayiyu akanadziwa bwanji? Chizindikiro choyamba ndi kumene meseji yachokera. Meseji yeniyeni ya ndalama imabwera ndi dzina la kampani pamwamba, ndipo imalowa pamzere umodzi ndi mameseji ena akale a ndalama amene munalandira. Yabodza kawirikawiri imachokera pa nambala wamba ya munthu, yoyamba ndi 099 kapena 088 ngati yanu yomwe, ndipo imakhala payokha. Wakubayo amangotenga meseji yeniyeni yakale, n'kusintha ndalama ndi tsiku, n'kukutumizirani ngati mmene mnzanu amakulemberani moni. Ndiye musanawerenge mawu ake, yang'anani pamwamba.

Koma apa pali malire amene tiyenera kuwadziwa. Pali akuba ena ochenjera amene amabwereka foni yanu "kuti aimbe pang'ono", n'kusungamo nambala yawo pansi pa dzina la kampani. Tsiku lina meseji yawo ikabwera imaoneka ngati ya kampani ndithu. Maejenti ndi ogulitsa m'maokala ndiwo amakolwa kwambiri ndi msampha umenewu. Mukakayika, tsegulani dzinalo ngati mukufuna kuliimbira. Mukaona kuti pansi pake pali nambala ya foni ya munthu imene ikhoza kuimbidwa, dziwani kuti wina analowa m'foni mwanu. N'chifukwa chake ine sindidalira kaonekedwe ka meseji pakokha.

Chimene sichinama ndi balansi, malinga mwaifunsa nokha. Musakhulupirire balansi yolembedwa m'meseji imene yabwerayo, popeza nayonso aikamo ndi manja. Dulani foni ya woimbayo, imbani *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, n'kusankha poonera ndalama zotsala. Masamu ake ndi a ku pulaimale. Mayi wathu uja anali ndi K85,000. Zikanakhala zoona akanapeza K145,000. Akapeza K85,000 yomweyo, nkhani yathera pomwepo, palibe chobweza. Apa pakuonekanso ubwino wodziwa ndalama imene muli nayo musanayambe tsiku, chifukwa amene sadziwa kuti anali ndi zingati sangadziwe ngati zawonjezekera.

Chizindikiro chachiwiri ndi phuma. Wakubayo amadziwa kuti mukapeza mphindi zitatu zokha zoganiza, wagwa nayo. Ndiye amaimba nthawi yomweyo meseji itangolowa, ndipo salola kuti mudule foni. Nkhani yake imakhala ya matenda, ya maliro kapena ya basi imene ikunyamuka. Mukati "dikirani ndione kaye", kulira kuja kumasanduka ukali: ndikakusumirani ku polisi, nambala yanu itsekedwa, ndikupezani. Munthu amene walakwitsadi nambala amadandaula, inde, koma saopa kuti muone balansi, chifukwa balansiyo ndi mboni yake. Amene akukuletsani kuona ndiye kuti akudziwa chimene mukapeze.

Chachitatu ndi foni yachiwiri, ya munthu wodzitcha wogwira ntchito ku kampani. Amayankhula mwaulemu, Chingerezi chili apo ndi apo, n'kunena kuti akuthandizani "kubweza" ndalamayo. Kenako amayamba kukuwerengerani: dinani chakuti, dinani chakuti, lembani nambala iyi, tsopano ikani nambala yanu yachinsinsi. Ukatsatira bwino, njira imeneyo ndi yomwe ija ya masiku onse yotumizira ndalama kapena yotapira kwa ejenti, kungoti akukuyendetsani mofulumira kuti musawerenge zimene zikulembedwa pa foni. Lamulo lake ndi lapafupi: nambala yachinsinsi imaikidwa ndalama ikamatuluka kapena mukamaona za mu akaunti yanu mwa kufuna kwanu. Kampani sifuna nambala yanu yachinsinsi kuti ikonze cholakwika, ndipo wogwira ntchito wake weniweni sangakufunseni.

Tsopano tifike povuta. Bwanji ngati mwaona balansi n'kupeza kuti ndalama yalowadi? Ena anganene kuti, aphunzitsi, apa ndiye bwezani basi, mukumuzunziranji mnzanu? Funso limeneli ndi lomveka. Tonsefe tikhoza kuphonya nambala, ndipo ndalama imeneyo si yanu. Kuitapa n'kukagulira matumba a feteleza ndi kuba, pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Koma ndikunenabe kuti musaitumize nokha, pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, wotumizayo akhoza kukhala kuti wakadandaula kale ku kampani kuti imubwezere. Inu mukatumiza K60,000 ndi dzanja lanu, kumeneko kumawerengedwa ngati kutumiza kwatsopano, ndipo dandaulo lija likhoza kupitirira, mukapezeka mukufunsidwa ndalama yomweyo kachiwiri. Chachiwiri, ndalamayo ikhoza kukhala ya munthu wachitatu amene wapusitsidwa. Wakuba amauza wina kuti "lipirani pa nambala iyi", n'kupereka yanu, kenako amakuimbirani inu kuti "bwezani pa nambala iyi", n'kupereka yake. Mwini ndalama akapita ku polisi, nambala imene ali nayo ndi yanu. Choncho mukamva kuti mubweze pa nambala ina yosiyana ndi imene ndalama yachokera, "chifukwa foni ija yazima", chimenecho ndi chizindikiro chachikulu kuposa zonse.

Yankho loyenera ndi lalifupi komanso laulemu: "Bambo, ndalama yanu sindiikhudza. Imbani ku kampani kuti aibweze okha, akandifunsa ndivomera." Mukatero isiyeni momwemo, ndipo inunso muimbe nokha ku nambala yothandizira makasitomala, 121 ku Airtel kapena 105 ku TNM, kapena pitani ku shopu yawo. Musaimbe nambala imene woimbayo wakupatsani. Wolakwitsa weniweni adikira pang'ono koma ndalama yake ipezeka. Wakuba adula foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa amene watumiza kale, nthawi ndiyo mankhwala. Imbani ku kampani pompo, chifukwa ndalama imagwirika ikadali mu akaunti ya wakubayo, koma akangoitapa kwa ejenti chiyembekezo chimachepa kwambiri. Musafufute meseji yabodzayo ngakhale ikukuwawani kuiona. Lembani nambala imene inaimba, nambala imene munatumizako, nthawi yake ndi nambala ya risiti imene ili m'meseji yotsimikiza, n'kupita nazo ku polisi. Ngati munatchula nambala yachinsinsi, isintheni tsiku lomwelo. Ndipo uzani anzanu. Manyazi a obedwa ndiwo amanenepetsa akuba, chifukwa nambala yomweyo mawa ikaimbira mlamu wanu.

Sindikufuna kuti katundu yense asenze ndi wogwiritsa ntchito foni yekha. Mu 2018 bungwe la MACRA linatiimitsa pamizere kuti tilembetse manambala athu ndi zitupa, ndipo tinauzidwa kuti zimenezi zithandiza kuchepetsa umbava. Komabe zakhala zikumveka m'nkhani kuti ena mwa mafoni achinyengowa amaimbidwa kuchokera m'ndende ya Zomba, ndi manambala olembetsedwa pa zitupa za anthu ena. Ndiye makampani, MACRA ndi akuluakulu a ndende ali ndi gawo lawo: nambala ikadandaulidwa itsekedwe msanga, ndipo wolembetsa manambala pa chitupa cha eni alangidwe. Ifenso tisamapereke chitupa chathu kwa munthu wongokumana naye pamsika kuti "akalembetsere simu khadi", chifukwa mlandu ukadzabwera udzabwera ndi dzina lathu.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho. M'midzi yathu yambiri amene amawerengera agogo meseji ndi mwana wa Fomu 2, ndipo ndi yemweyo amene amadina mabatani. Mphindi khumi pa asembule zikhoza kupulumutsa ndalama ya banja lonse. Awuzeni zinthu zitatu zokha: dula foni, ona balansi wekha, usabweze ndi dzanja lako. Akamva zimenezi, mpamba wa mayi wa manachesi ukhala m'malo mwake.