Abwana akawonjeza malipiro tsiku lotsanzika, funsani pepala

Inu amene mumagwira ntchito m'mafamu ozungulira Mubaira, kapena m'migodi ya ku Kadoma ndi Chegutu, mwina zakuchitikiranipo. Ejenti wakupezerani ntchito ina ndipo akudikira yankho. Abwana atangomva, malipiro amene anakana kukweza kwa zaka zambiri akwera tsiku lomwelo. Maganizo anga ndi akuti musavomere mbali iliyonse musanagwire pepala losainidwa.

Tiyerekeze kuti ndinu makaniko wolandira madola 250 pamwezi, ndipo mumakhala m'nyumba ya pa komboni. Ejenti akulonjeza 330 pa kontirakiti ya miyezi 6, popanda nyumba. Abwana akuti akupatsani 300, koma 100 mwa ndalamazo idzabwera m'ZiG. Lendi ikakhala madola 60, ndiye kuti 330 ija yatsala 270. Nayo 300 ija ingathe kusungunuka. Mu Seputembala 2024, mtengo wa boma wa dola imodzi unachoka pa ZiG pafupifupi 14 n'kufika pa 24. Munthu amene gawo lake linalembedwa kuti ZiG 1,400 anatsala ndi madola pafupifupi 58 m'malo mwa 100. Choncho kalata ya abwana itchule kuchuluka kwa malipiro, mtundu wa ndalama, tsiku loyambira ndi giredi yanu yatsopano. Akati “tidzalemba mwezi wamawa”, dziwani kuti akungofuna nthawi yopezera wolowa m'malo mwanu.

Samalaninso ndi kalata yosiyira ntchito. Ku Zimbabwe, mukaipereka simungaibweze popanda abwana kuvomera. Ndime 12 ya Labour Act imati wa kontirakiti yopanda malire apereke notisi ya miyezi 3, ndipo wokhala m'nyumba ya kampani asatulutsidwe usanathe mwezi umodzi notisiyo itatha. Ntchito yatsopano ingayambe ndi nthawi yoyesedwa yofika miyezi 3, pamene notisi yake ndi masabata 2 okha. Wosiya ntchito yokhazikika chifukwa cha mawu a pafoni angapezeke alibe ntchito, alibenso denga.

Kwa ejenti nenani zoona: muli ndi notisi yoti mugwire, ndipo yankho mudzapereka tsiku lakutilakuti, monga pakatha masiku 3. Pemphani kontirakiti yochokera kwa mwini ntchitoyo, yokhala ndi dzina lake. Ejenti wokana kudikira masiku ochepa, kapena wofuna ndalama musanaone kontirakiti, wakuyankhani kale. Mapepala onse awiri kawaonetseni ku bungwe lanu, GAPWUZ ngati muli pa famu, AMWUZ ngati muli mumgodi.

Pomaliza dzifunseni chimene chinakutumizani kwa ejenti. Ngati chinali malipiro okha, kalata yabwino ya abwana ingakukhazikeni. Koma ngati chinali malipiro ochedwa, kapitawo wachipongwe kapena kusowa zovala zodzitetezera, madola 50 owonjezerawo sachiza chilichonse. Zikatero sainani kontirakiti yatsopano, perekani notisi yonse, ndipo muchoke ndi kalata ya umboni wa ntchito yanu.