Penate si maula, gulani kope

Anzanga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, tikangokolola mabonanza ayambanso. Fainolo ikathera ku mapenate mudzamva zomwe zija: "Amenye wamkulu," kapena "Amenye uyu, wagoletsa kale lero." Ine ndikuti kusankha kotereku n'kotaya nako mbuzi ya mphoto.

Kumbukani Zambia ndi Ivory Coast pa 12 February 2012 ku Libreville. Anamenya mapenate 18, Zambia n'kuwina 8-7. Penate yachisanu ya Zambia anagoletsa goloboyi, Kennedy Mweene. Yotengera chikho, yachinayini, anagoletsa Stoppila Sunzu, wosewera kumbuyo. Pomwe Gervinho, katswiri wakutsogolo, anaimenya m'mwamba. Ndiye kochi wokonza anthu faivi okha wakonza theka. Ndandanda ufike pa onse 11, ndipo dziwani kuti amene watuluka m'bwalo mpira usanathe samenya nawo. Muziwayesa pamapeto pa tirening'i, miyendo italema, chifukwa penate yeniyeni imabwera munthu ali wefuwefu.

Tsopano za goloboyi wa anzanu. Banki m'khonde timalemba mpaka K500, nanga izi zitikanike bwanji? Mwana mmodzi akhale kuseri kwa golo ndi kope, alembe zitatu: womenya wamenya ndi mwendo uti, goloboyi wagwera dzanja liti, komanso wagwa mpira usanamenyedwe kapena wadikira. Womenya ndi mwendo wamanja, mpira umamuphwekera kupita kudzanja lamanja la goloboyi, ndipo magoloboyi ambiri amathamangira komweko. Wanuyo akamagwa msanga, womenya angodekha n'kuika mbali inayo, ngakhale pakati. Koma mapenate awiri si umboni ayi. Afike khumi, ndiye muziyankhula.

Kope nalonso lili ndi malire ake. Mu 2008 ku Moscow, Chelsea inauzidwa kuti Van der Sar wa Man U amakonda kugwera mbali yophweka kwa womenya. Anthu sikisi oyamba onse anamenyera kumanzere kwake, ndipo sanagwire ngakhale imodzi. Ya Terry inaphonya yokha ataterereka. Pofika Anelka, mkulu uja anali atazitulukira. Anamulozera kumanzere ndi chala, ngati akuti "ndadziwa." Anelka anasintha, n'kumenyera kumanja, mpira wofika m'chiuno, Van der Sar n'kuutchinga. Chikho chinapita choncho.

Phunziro langa ndi ili: goloboyi nayenso ali ndi maso. Musatumize onse mbali imodzi, sakanizani, mwa asanu awiri apite kwina. Ndipo womenya asankhe mbali akadali pakati pa bwalo, asasinthenso chifukwa goloboyi walozaloza kapena anthu akukuwa.

Ena muti kumudzi kuno zonse ndi mwayi. Mwayi ulipo, sindikukana, ngati mvula. Koma mvula ikagwa amakolola ndi amene anakonzeratu mizere. Makochi a kuno kunsi kwa phiri, ndani ali nalo kale kope? Tiuzeni.