Funso ndilo liziyala ndime, osati chidule

Mayeso akayandikira pano pa Lakeview, ambiri timafupikitsa mutu wa m'buku, kuloweza chidulecho, n'kukachikhuthula papepala momwe chilili. Ine ndikuona kuti apa ndi pomwe malikisi amatayikira. Chidule chimatsata buku, pomwe wochonga amatsata funso.

Titenge mutu wa John Chilembwe. Chidule chake chimayenda ndi zaka: kupita ku Amereka mu 1897, kuyambitsa mishoni ku Mbombwe mu 1900, kuukira pa 23 Januwale 1915. Koma funso lomwe lingabwere ndi ili: "Fotokozani zifukwa zomwe Chilembwe adaukira atsamunda."

Yambani ndi kudula mzere kunsi kwa mawu oti "zifukwa". Kenaka sankhani m'chidulemo mfundo zitatu, iliyonse ndime yake ndi umboni wake. Ndime yoyamba ikhale ya thangata, umboni wake nkhanza za William Jervis Livingstone ku Magomero. Yachiwiri ikhale ya msonkho wa nyumba womwe unkalemera anthu njala itavuta. Yachitatu ikhale ya kutengera Amalawi ku nkhondo ya 1914, zomwe Chilembwe adadzudzula m'kalata yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mawu oyamba atchule zitatuzi, omaliza anene chachikulu ndi chiti.

Ena amati kulosera funso n'kutchova juga. N'zoona, lingabwere lofunsa zotsatira. Komatu amene adazolowera kusanja mfundo motere amayala dongosolo lina m'mphindi zisanu, pomwe woloweza amangolemba mbiri yonse.

Poyesa dongosolo lanu, ikani mawu oti "chifukwa cha" patsogolo pa mfundo iliyonse. Ikakana, ichotseni.